Kutamanda Bwenzi Makutu Ake Akadamva

Pakati pa Angoni a ku Ntcheu, ku Mzimba ndi ku Chipata, amene makolo awo ena anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835, panali munthu amene ntchito yake inali kuimirira pamaso pa inkosi tsiku la msonkhano, ndi kutchula mofuula, mpweya osaupatsa mpata, mayina onse amene mfumuyo ndi makolo ake anadzipezera pa nkhondo, pa ulendo ndi pa milandu. Mayi Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, analemba ena a matamando amenewa asanazilale m'kamwa mwa nkhalamba. Nawonso Achewa, ngakhale analibe wofuula wa pabwalo wotero, anali ndi mwambo wawo wofatsa, umene ulipo kufikira lero: munthu akalandira chikho cha madzi amaomba m'manja nathokoza potchula mfunda, kuti Phiri, Banda, Nambewe, kotero kuti ulemu supita kwa wopatsa yekhayo, koma kwa onse amene anambala.

Mlembi wa masiku ano amene afuna kulemekeza bwenzi lake ndi ndakatulo yolembedwa, pa tsiku lopuma ntchito kapena pa chikondwerero cha ukwati wokhalitsa, ali ndi nkhokwe imeneyi pafupi. Koma ambiri, m'malo motapamo, amaunjika mawu onga wokoma mtima, wanzeru, wodzichepetsa, amene akhoza kuvekedwa pa munthu aliyense wa m'mudzimo. Wotamanda wakale sanali kufotokoza khalidwe la munthu ayi. Iye anali kutenga chinthu chimodzi chimene munthuyo anachita, anthu akupenya, nachiumba kukhala dzina. Ndipo matamando onse anali mndandanda wa mayina otere, ena omveka kwa aliyense, ena obisika kwa mlendo koma oseketsa kapena oliza eni mudzi.

Chifukwa chake ntchito iyamba ndi miyendo, cholembera chisanagwiridwe. Pamene ndinafuna kulembera mnzanga wa ubwana, mphunzitsi wa mfunda wa Phiri amene anali kupuma ntchito, ndinakakhala pakhonde ndi mayi a kunyumba kwake, ndi mlongo wake, ndi amuna awiri amene iye anawaphunzitsa ali ana, osawafunsa kuti ndi munthu wotani, pakuti funso limenelo libala mayankho aulemu opanda mafuta, koma kuti anachita chiyani chimene sadzaiwala. Mmodzi wa amuna aja anakumbuka kuti m'nyengo ya dzinja, mtsinje wa kuseri kwa sukulu ukadzaza, aphunzitsiwo anali kupinda buluku, nsapato atazimangirira m'khosi ndi zingwe zake, ndi kuolotsa ana a Sitandade 1 mmodzimmodzi pa phewa. Mlongo wake ananena za njala ya 2002, pamene anapasula nkhokwe yake mwezi wa Febuluwale nagawira akazi amasiye ndi mbale ya ndiwo monga muyeso. Mayi a kunyumba, akumwetulira, anati bambowo sanafikepo pa mwambo uliwonse nthawi yake.

Zinthu zitatuzo ndi zimene zinasanduka mayina, ndipo ndakatulo inatseguka motere:

Phiri! Mdzukulu wa osula makasu,
Phewa loolotsa ana mtsinje utakwiya,
Utakwiya inu mumaseka, nsapato zili m'khosi;
Mpasulankhokwe wa mwezi wa njala,
Kafikemochedwa, amene bwalo limdikirabe.

Dongosolo lake ndi lakale: mfunda patsogolo, makolo pambuyo pake, ndipo pamenepo mayina a mwini wake, pakuti munthu satamandidwa ngati anamera yekha pa chulu. Agogo ake a mnzangayo analidi osula, ndipo mzere umenewo sukanalembedwa zikanakhala kuti sanali. Mawu akuti utakwiya, amene atseka mzere wachiwiri natsegula wachitatu, ndi mfundo imene wotamanda wa pakamwa amamangira mizere yake kuti asaiwale, ndi kuti omvera asatayike. Papepala ichitanso ntchito yomweyo, ndipo iposa kukakamiza mizere kuti ithere pa liwu lofanana, chinthu chimene m'Chichewa, mmene pafupifupi mawu onse athera pa lembo la liwu, chibwera mosavuta kotero kuti khutu silichiyamikira.

Chovuta chachikulu ndi mpweya. Pabwalo, utali wa mzere uyesedwa ndi chifuwa cha wotamanda, amene athamanga ndi mawu ali pamwamba, natsitsa liwu pothera, napatsa amayi mpata woimba nthungululu. Koma pepala lilibe chifuwa, ndipo mlembi akapanda kusamala amalemba mizere imene maso aikonda koma pakamwa paikana. Njira yake ndi kuimirira ndi kuiwerenga mofuula: pamene mpweya wathera, mzere uthere pomwepo, ndipo pamene khamu likanaomba m'manja, pasiyidwe mpata wa ndime. Mzere umene ukupunthwitsa lilime kawiri uli ndi mawu owonjeza, ndipo kawirikawiri owonjezawo ndi aja ofotokoza dzina, monga kunena kuti anapasula nkhokwe chifukwa anali wachifundo. Dzina labwino silifuna womasulira pambali pake.

Tsono pali kusiyana kumene alembi ambiri sakuona, pakati pa kutamanda wamoyo ndi kuwerenga mbiri ya malemu. Ife tazolowera kumva zabwino za munthu pa maliro, kotero kuti dzanja likangoyamba kulemba limathamangira kunena kuti anali, anachita, tidzamkumbukira. Ndipo bwenzi lokhala pampando wa patsogolo, litavala jekete yake ya ku tchalitchi, limamva ngati aliika m'manda lili maso. Nchifukwa chake m'mizere ija mwalembedwa kuti mumaseka, ndi kuti limdikirabe, ndipo mwini wake alankhulidwa maso ndi maso ndi ulemu wa inu. Dzina la Kafikemochedwa nalonso lili ndi ntchito yomweyi, pakuti wakufa sanyogodolwa koma ndi adzukulu okha, pamene wamoyo amaseka pamodzi ndi omseka. Ndiponso otamanda mafumu akale anali ndi ufulu wolowetsa chidzudzulo pakati pa matamando, ndipo chidzudzulocho ndi chimene chinapangitsa anthu kukhulupirira zotsalazo. Komabe chilema chotchulidwa chikhale chimene mudzi wonse uchidziwa ndipo mwini wake sachita nacho manyazi. Za ngongole, za matenda, za kusamvana kwa m'banja, zimene bwenzi linakuululira usiku, zisalowemo, chifukwa nyumba ya mwini saotchera mbewa.

Muyeso nawo usungidwe. Mkango, njovu, ndi malonje a Bayethe ndi za mafumu, ndipo kuveka mphunzitsi wa pulayimale zovala zimenezo ndi kumchititsa manyazi pamaso pa anyakwawa amene akhala pomwepo. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo buku la Miyambo, pa mutu 27, lichenjeza kuti dalitso lofuulidwa mopitirira m'mamawa liyesedwa temberero. Mayina asanu kapena asanu ndi awiri, oona onse, akwanira tsamba limodzi ndi mphindi zitatu za kuwerenga.

Ndakatulo isanaperekedwe, mlembi achotse mfunda ndi dzina la bwenzi lake, naiwerengere munthu wa m'mudzi womwewo amene sakudziwa kuti yalembedwera yani. Ngati womverayo afunsa kuti ameneyu ndani, mlembi abwerere kukhonde kukafunsanso. Ine ndinaiwerengera mayi wina wogulitsa mandasi pa chipata cha sukulu, ndipo pofika pa nsapato za m'khosi anandidula mawu, natchula yekha dzina la aphunzitsiwo, nawonjeza kuti tsiku lina anaolotsanso mbuzi yake; mbuziyo inalowa m'ndime yachiwiri.