Kapu imodzi ya mkaka, mimba ngati ng'oma: kafukufuku amene ndinadzichita ndekha

Chaka chatha ndinali ndi vuto lomwe sindinkafuna kuuza munthu. Nthawi ya buleki ndinkamwa kapu yodzadza ya mkaka wotentha, ndikaika tiyi pang'ono chabe. Ndikalowa m'kalasi ya Fomu 3, pakati pa phunziro mimba inkayamba kulira, lamba n'kuthina, ine n'kumakweza mawu kuti a pa desiki yoyamba asamve. Poyamba ndinkanamizira nyemba za dzulo. Kenako ndinadzifunsa kuti, ine ndimaphunzitsa ana kuyesa zinthu mu labu, bwanji osayesa mimba yangayi?

Tiyambe ndi zomwe zimachitika m'kati. Mu mkaka muli shuga wotchedwa lakitozi, pafupifupi magalamu 12 pa kapu ya mamililita 250. Shuga ameneyu ndi tizidutswa tiwiri tolumikizana, gulukozi ndi galakitozi, ndipo sangalowe m'magazi asanadulidwe pakati. Chodulira chake ndi enzayimu yotchedwa lakitezi, yomwe imapangidwa m'matumbo aang'ono. Mayinawa ndi ofanana, choncho gwirani bwino: lakitozi ndi shugayo, lakitezi ndi lumo lake.

Khanda limakhala ndi lakitezi wambiri chifukwa chakudya chake ndi mkaka wa m'mawere. Mwana akaleka kuyamwa, thupi limayamba kuchepetsa pang'onopang'ono. Izi zimachitikira pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse pa dziko lapansi, ndiye si matenda ayi. Amene amakhalabe ndi lakitezi wambiri mpaka kukula amapezeka kwambiri pakati pa mitundu yomwe makolo awo anaweta ng'ombe ndi kumwa mkaka kwa zaka masauzande, monga anthu a kumpoto kwa Ulaya, Amasai a ku Kenya ndi Tanzania, komanso Afulani a kumadzulo kwa Afirika.

Nanga shuga wosadulidwa uja amapita kuti? Amatsetsereka mpaka m'matumbo aakulu, kumene mabakiteriya amamulandira ndi manja awiri. Akamamudya amatulutsa mipweya: haidirojeni, kaboni dayokisaidi, ndipo mwa anthu ena metheni. Apa ndi pomwe fizikisi imalowa. Molo imodzi ya mpweya, pa kutentha kwa thupi kwa madigiri 37, imatenga malo okwana pafupifupi malita 25. Molo ya CO₂ imalemera magalamu 44. Gawani 25 ndi 44, mupeza kuti galamu imodzi yokha ya mpweyawu imafuna malo oposa theka la lita. Kanthu kosakwana n'komwe kulemera kwa ndalama yachitsulo kakhoza kufufumitsa mimba ya munthu wamkulu.

Pali chinanso. Shuga wotsalira m'matumbo amakoka madzi kuchokera m'thupi, mwa njira ya osimosisi yomwe munaiona pa kachidutswa ka mbatata m'madzi a mchere. Madzi akachuluka chimbudzi chimakhala chamadzimadzi. Zizindikirozi zimayamba kawirikawiri pakati pa mphindi 30 ndi maola awiri munthu atamwa mkaka, ndipo nthawiyi inkagwirizana ndendende ndi phunziro langa la Fomu 3 lija.

Koma kugwirizana kwa nthawi si umboni. Lamulo la mu labu n'lakuti usinthe chinthu chimodzi, zina zonse zikhale momwemo. Ndinayamba ndi masabata awiri osalawa mkaka, ngakhale waufa wa mu tiyi. Nsima, nyemba, kabichi, zonse ndinkadya monga mwa masiku onse. Mimba inakhala bata, ndipo nyemba zinapezeka kuti zilibe mlandu waukulu.

Kenako ndinabwezera mkaka pang'onopang'ono, nthawi yomweyo ya buleki, ndikulemba m'kope kuchuluka kwake, chomwe ndadyera limodzi, ndi momwe ndamvera pakatha maola atatu. Poyezera ndinagwiritsa ntchito supuni yaikulu yoyezera, ya mamililita 15. Masupuni anayi, omwe ndi mamililita 60 kapena magalamu atatu a lakitozi, sanandichite kanthu. Theka la kapu, magalamu 6, nalonso linadutsa bwino. Kapu yathunthu m'mimba mopanda kanthu inabweretsa ng'oma ija patangotha ola limodzi. Muyezo uliwonse ndinaubwereza masiku atatu, ndikusiya tsiku limodzi pakati ndisanakweze, chifukwa zotsatira za kamodzi kokha zikhoza kukunamizani.

Chomwe chinandidabwitsa ndi ichi: kapu yomweyo nditaithira m'phala, ndinangomva kulira pang'ono basi. Chifukwa chake n'chakuti chakudya chimachedwetsa mkaka kutuluka m'chifu, ndiye lakitozi amafika m'matumbo pang'onopang'ono, ndipo lakitezi wochepa amene ndili naye amakwanitsa ntchito. Zili ngati chigayo chimodzi pa mudzi: matumba akamabwera limodzilimodzi onse amagayidwa, koma lole yonse ikatsitsa nthawi imodzi, mzere umafika kumsewu. Akatswiri a zakudya amati ambiri mwa anthu a lakitezi wochepa amatha kulandira magalamu okwana 12 nthawi imodzi popanda vuto lalikulu, makamaka akamwera pa chakudya. Komabe malire a munthu aliyense ndi akeake.

Tsopano posankha zogula. Chambiko ndi yogati zimandiyenda bwino, chifukwa mabakiteriya osasitsa mkaka amakhala atadya kale gawo lina la lakitozi n'kulisandutsa asidi, uja amachititsa kuti ziziwawasa. Dziwani kuti ndi gawo chabe, osati yense, choncho botolo lalikulu likhoza kukupwetekanibe. Mu yogati yokhala ndi mabakiteriya amoyo, mabakiteriyawo amapitiriza kuthandiza kudula shuga ali m'matumbo. Chizi cholimba chimakhala ndi lakitozi wochepa zedi, poti wambiri amatsalira m'madzi omwe amakhetsedwa pochipanga. M'masitolo ena akuluakulu mumapezeka mkaka wolembedwa pa paketi kuti ulibe lakitozi. Ndi mkaka weniweni wa ng'ombe umene anauthiramo lakitezi ku fakitale. Umatsekemera pang'ono kuposa wamba, osati chifukwa chothira shuga, koma poti gulukozi ndi galakitozi amatsekemera kuposa lakitozi. Mkaka wa soya ulibiretu lakitozi.

Zinthu ziwiri zimapusitsa anthu. Kuwiritsa mkaka kumapha majeremusi koma sikuchotsa lakitozi. Ndipo mkaka waufa si wopepuka ayi: anangouchotsa madzi, shuga yense ali momwemo, moti masupuni odzadza angapo mu tiyi amakwana kapu ya mkaka wamadzi.

Kuyesa kotereku kuli ndi malire. Ngati mukamwa mkaka mumatuluka zidzolo, milomo kutupa, kapena kubanika, limenelo ndi vuto lina: thupi likulimbana ndi mapuloteni a mu mkaka, ndipo ngakhale kadontho kakhoza kuika moyo pachiswe. Musayese n'komwe, pitani kuchipatala. Chimodzimodzinso ngati mukuona magazi m'chimbudzi, mukuonda, kapena mimba sikusintha mutasiya mkaka masabata awiri. Nthawi zina munthu akadwala m'mimba motsekula, lakitezi amachepa kwa masabata angapo kenako n'kubwerera, choncho dikirani muchire musanayese. Ndipo zonsezi n'za akuluakulu ndi achinyamata ngati inu. Khanda lisaletsedwe kuyamwa chifukwa cha nkhaniyi.

Pa msinkhu wanu mafupa akukula ndipo akufuna kashiamu. Ngati mkaka mwauchepetsa, usipa ndi matemba odyedwa ndi minga zake zikuthandizani. Ine masiku ano ndimamwa theka la kapu pa buleki, pamodzi ndi chigumu, ndipo a pa desiki yoyamba amangomva za magetsi ndi maginito.