Kufupikitsa mawu a m'munsi mwa kanema

Mawu amene amalembedwa m'munsi mwa kanema amakhala ndi malire awiri: malo ndi nthawi. Malo ndi ochepa chifukwa chithunzi sichiyenera kutsekedwa, ndipo nthawi ndi yochepa chifukwa wolankhula sadikira woonera. Pakamwa pamathamanga kuposa maso, makamaka maso amene akuyenera kuwerenga uku akuyang'ananso nkhope ya wolankhulayo. N'chifukwa chake zolembedwa m'munsi sizikhala zonse zimene zanenedwa. Wolemba amasankha choti chitsale ndi choti chichoke, ndipo luso lonse lagona pa kusankhako. Amene anaonera filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, ya mu 2019, yofotokoza za William Kamkwamba, anali ndi mwayi wodzionera yekha zimenezi, poti ochita seweroli amalankhula Chichewa m'malo ambiri pamene m'munsi mukudutsa Chingerezi.

Pa nkhani ya malo, ambiri amagwirizana kuti mizere isapitirire iwiri nthawi imodzi. Malamulo a Netflix amalola zilembo 42 pa mzere, kuphatikizapo mipata ya pakati pa mawu ndi zizindikiro za m'kalembedwe. Choncho mizere iwiri yodzaza imanyamula zilembo 84 basi. Malamulo omwewo amati mawu asakhale poonekera kupitirira masekondi 7, komanso asazimirire sekondi isanatsale pang'ono kukwana, poti diso silingawagwire.

Liwiro la kuwerenga limayezedwa pogawa chiwerengero cha zilembo ndi masekondi amene mawuwo aonekera. Mapulogalamu olembera mawuwa, monga Subtitle Edit ndi Aegisub, amaonetsa yankho lake pansi pa dzina loti CPS, ndipo amachenjeza ndi mtundu wofiira likakwera kwambiri. Pa Chingerezi, Netflix imalola zilembo zofika 20 pa sekondi m'mafilimu a akuluakulu ndi 17 m'mafilimu a ana. Lamulo lakale la pa wailesi yakanema ku Ulaya linali lodekha: mizere iwiri yodzaza inkapatsidwa masekondi 6, kutanthauza zilembo pafupifupi 12 pa sekondi. BBC imawerenga mawu osati zilembo, ndipo imalangiza mawu 160 mpaka 180 pa mphindi. Muyeso umenewu ungasocheretse wolemba Chichewa, chifukwa liwu limodzi monga "sindinakolole" limasenza zimene Chingerezi chimanena ndi mawu anayi. Pa Chichewa n'kwabwino kuwerenga zilembo. Ndipo ngati kanemayo akupita kwa anthu amene sawerenga kawirikawiri, kapena oonera pa foni, liwiro lakale la 12 ndi limene limawakomera.

Chitsanzo chingakhale mlimi amene akufunsidwa za zokolola, ndipo m'masekondi 7 akunena kuti: "Eee, ine kunena zoona, chaka chatha chija, mmene mvula inayamba mochedwa muja, sindinakolole chimanga chokwanira ayi, mwina matumba atatu okha basi." Mawu amenewa ali ndi zilembo 148. Kuwalemba onse kungafune mizere inayi ndi liwiro la zilembo 21 pa sekondi. Pa liwiro la 12, masekondi 7 amalola zilembo 84 zokha, choncho pafupifupi theka liyenera kuchoka.

Choyamba kuchoka ndi mawu amene munthu amangopumira polankhula. "Eee", "ine kunena zoona", "chija" ndi "muja" amakometsa kuyankhula, koma woonera amawapeza kale m'mawu ndi pankhope pa mlimiyo. Kenako amachoka mawu obwereza: "okha" ndi "basi" akunena chimodzi, monganso "ayi" akungotsindika "si-" amene ali kale m'mneni. Ntchito yovutirapo ndi kupinda chiganizo. "Inayamba mochedwa" imasanduka "inachedwa". Mfundo yoti chimanga sichinakwanire ingathe kuchoka yonse, chifukwa munthu akamva za matumba atatu okha amadziwa yekha kuti banjalo lili pa njala. Mu fayilo ya SRT zotsatira zake zimaoneka motere:

```
14
00:02:10,000 --> 00:02:17,000
Chaka chatha mvula inachedwa,
ndinakolola chimanga mwina matumba 3 okha.
```

Mzere woyamba uli ndi zilembo 29, wachiwiri 42 ndendende. Kulemba "atatu" kukanaufikitsa pa 46, n'chifukwa chake palembedwa nambala. Zonse pamodzi ndi 71, liwiro la pafupifupi zilembo 10 pa sekondi, ndipo woonera watsala ndi mpata woona nkhope ya mlimiyo.

Mawu amene sanachotsedwe ndi amene amaphunzitsa zambiri. "Mwina" watsala ngakhale akudya malo, chifukwa mlimiyo anangoyerekeza. Kumuchotsa n'kumuika m'kamwa chiwerengero chimene sanatsimikize. "Okha" watsala chifukwa dandaulo lonse lili mmenemo. Mvula yatsala chifukwa ndiyo chifukwa chimene wapereka, ndipo popanda iyo woonera angaganize kuti vuto linali ulesi kapena feteleza. Wolemba wapuma angadule pena n'kulemba kuti "Chaka chatha sindinakolole chimanga." Chiganizochi n'chachifupi, n'chomveka, mawu ake onse anatulukadi m'kamwa mwa mlimiyo, koma ndi bodza, poti iye anakolola. Kuchoka kwa liwu limodzi loti "chokwanira" kwasintha nkhani yonse. Mawu okana, okayika, manambala, mayina ndi mawu osonyeza chifukwa ndi amene sayenera kukhudzidwa wamba.

Ulemu nawo ndi mbali ya tanthauzo. Mnyamata akamauza gogo wake kuti "Agogo, khalani pansi", kulemba "Khala pansi" kumapulumutsa zilembo zingapo koma kumasandutsa mwana waulemu kukhala wamwano. Ngati malo achepa, "Agogo" angachoke pamene gogoyo akuoneka pachithunzi, koma "-ni" atsale.

Pamene mzere wathyokera pamakhudzanso liwiro. Diso limawerenga mawu m'magulu, ndiye mzere uyenera kuthera pamene ganizo lapumira, monga pa mpumiro wa chitsanzo chija. Kusiya "matumba" pamwamba ndi "atatu" pansi, kapena kutsiriza mzere ndi "ya", "cha" kapena "ndi", kumachititsa woonera kubwerera m'mbuyo, ndipo mawu amazimiririka asanamalize. Pakati pa mawu otsatizana pamasiyidwa kampata ka zithunzi ziwiri, mwa zithunzi 24 kapena 25 zimene zimadutsa pa sekondi, kuti diso lizindikire kuti zolembedwa zasintha. Mawu akapitirira pamene chithunzi chasintha kupita kwina, anthu ena angayambenso kuwawerenga poganiza kuti ndi atsopano, choncho ndi bwino kuwathetsera pa kusinthako.

Kukula kwa kudula kumadaliranso amene akuwerenga. Pamene mawu akumasuliridwa kuchoka m'chinenero china, wolemba ali ndi ufulu wopinda chiganizo mmene angathere. Pamene alembedwa m'chinenero chomwe chikulankhulidwa, monga pothandiza anthu a vuto la kumva, ambiri mwa iwo amayang'ananso milomo, ndipo amasokonezeka ngati zolembedwa zikusiyana ndi zimene milomo ikunena. Apa n'kwabwino kuchotsa mawu osafunika koma otsalawo asasinthidwe, ndipo chiganizo cha mlimi uja chingagawidwe pawiri m'malo mochipinda.

Kuyesa komaliza kumachitika kawiri. Kanemayo amaonetsedwa popanda phokoso, pa foni, kwa munthu amene sanamuonepo, ndipo iye amafotokoza zimene wamva. Akaimitsa kanemayo kapena kulephera kunena zimene zimachitika pachithunzi, mawu achuluka. Kenako amaonetsedwa ndi phokoso kwa wodziwa chinenerocho, amene amamvetsera ngati pali dzina, nambala kapena kukana kumene kwamveka m'khutu koma sikunalembedwe m'munsi.