Laputopu Ikamaiwala Mahedifoni Anu a Bluetooth

Mahedifoni amene dzulo ankamveka bwinobwino, lero laputopu sikuwaona. Kapena dzina lawo likuoneka pa sikirini, pansi pake palembedwa Paired, koma mukadina Connect palibe chikuchitika. Anthu ambiri akafika apa amathamangira kwa wokonza makompyuta kuti awaikire Windows yatsopano, ena amangotaya mahedifoniwo n'kugula ena. Zonse ziwirizi nthawi zambiri ndi kuwononga ndalama, chifukwa vutoli limatha munthu ali pakhomo, bola adziwe mbali imene yalakwika.

Choyamba tidziwe zimene zimachitika pa tsiku loyamba kulumikiza. Laputopu ndi mahedifoni zimapangana nambala yachinsinsi, ndipo chilichonse chimasunga nambalayo kwake. Zili ngati loko ndi kiyi wake: mbali imodzi ikasinthidwa, inayo ilibenso ntchito. Mahedifoni amasunga nambala zotere za zipangizo zochepa chabe. A Sony WH-1000XM4, mwachitsanzo, amasunga zipangizo 8, ndipo mukalumikiza cha 9 amafufuta chimene chatha nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito. Ndiye ngati mahedifoni anu amabwerekedwa ndi a pabanja ndi anzanu a kuntchito, laputopu yanu ikhoza kufufutidwa inu osadziwa. Windows imapitiriza kuonetsa dzina lawo chifukwa iyo nambala yake ikadali nayo, koma mahedifoniwo sakuizindikiranso. Apa kudina Connect kambirimbiri sikungathandize.

Musanakhudze chilichonse pa laputopu, zimitsani Bluetooth pa foni yanu. Mahedifoni ambiri akangoyaka amathamangira ku chipangizo chimene analumikizana nacho komaliza, ndipo akagwirana ndi foni imene ili m'thumba, laputopu singawapeze. Kenaka dinani batani la Windows pamodzi ndi I, lowani pa Bluetooth & devices (pa Windows 10 ndi Devices), pezani mahedifoniwo, musankhe Remove device. Tsopano aikeni pa mkhalidwe wofuna kulumikizidwa. Kungowayatsa sikokwanira, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. A Sony aja amafuna kuti mugwire batani loyatsira kwa masekondi pafupifupi 7, pomwe ma AirPods ambiri amafuna kuti mutsegule kabokosi kake n'kugwira batani lakumbuyo mpaka kagetsi kayambe kuphethira moyera. Mukatero dinani Add device, kenaka Bluetooth. Mahedifoni akhale pafupi ndi laputopu, ndipo akhale otchajidwa bwino. Ngati Windows 11 ikulepherabe kuwaona, yang'anani pa tsamba la Devices ngati pali Bluetooth devices discovery, ndipo musinthe kuchoka pa Default kupita pa Advanced kuti ionetse zipangizo zamitundu yonse.

Koma pali vuto lina lotopetsa kwambiri, limene limabwerera ngakhale mutalumikiza mwatsopano. Tiyerekeze mphunzitsi amene ali ndi laputopu ya Windows 11. M'mawa mahedifoni akugwira bwino. Masana magetsi azima, laputopu yayamba kuyendera batire, iye watseka chivundikiro n'kupita kukadya. Pobwera, mahedifoni sakulumikizika, ndipo tsiku lina ngakhale kabatani koyatsira Bluetooth kasowa pa Settings. Pa foni yake mahedifoniwo akugwira popanda vuto. Zizindikiro zimenezi zikuloza kwa laputopu: vuto limabwera ikadzuka ku tulo, ndipo limatha akadina Restart. Nambala yachinsinsi ija sinatayike ayi. Kawailesi ka Bluetooth ka m'kati mwa laputopu ndi kamene kazimitsidwa pofuna kusunga batire, n'kulephera kudzukanso.

Mankhwala ake ali mu Device Manager. Dinani batani la Windows pamodzi ndi X, sankhani Device Manager, tambasulani gawo la Bluetooth. Musasokonezeke ndi mayina ambiri amene ali pamenepo. Mukufuna la kawailesi kenikeniko, limene limakhala ndi dzina la kampani yopanga, monga Intel(R) Wireless Bluetooth(R), kapena la Realtek, MediaTek ndi Qualcomm. Dinani kawiri, pitani pa Power Management, ndipo muchotse kuchonga pa kabokosi kolembedwa Allow the computer to turn off this device to save power. Pa malaputopu ena atsopano tsamba limeneli kulibe, ndipo ngati ndi choncho ingopitirirani.

Chotsatira ndi Fast Startup, imene ine ndimalangiza aliyense wa vuto lotere kuti aizimitse. Kuyambira pa Windows 8, mukadina Shut down kompyuta sizima kwathunthu. Imasunga pa disiki mkhalidwe wa mapulogalamu oyendetsa zida zake kuti idzayake msanga. Ngati pulogalamu yoyendetsa Bluetooth inali itasokonezeka, mawa imadzuka ili yosokonezeka chomwecho. N'chifukwa chake Restart imathandiza pomwe Shut down sithandiza, zimene zimadabwitsa anthu ambiri. Kuti muizimitse, tsegulani Control Panel, kenaka Power Options, Choose what the power buttons do, ndi Change settings that are currently unavailable, ndipo muchotse kuchonga pa Turn on fast startup. Laputopu iziyaka mochedwerapo masekondi ochepa, ndipo mtengo wake ndi womwewo basi.

Nanga ngati gawo la Bluetooth kulibiretu mu Device Manager? Tsikani m'munsi pa Universal Serial Bus controllers. Mukaona mawu akuti Unknown USB Device (Device Descriptor Request Failed) ali ndi kachizindikiro kachikasu, pamene palibe chilichonse mwabaya pa USB, n'kutheka kwambiri kuti ndi Bluetooth yanuyo. Pa malaputopu ambiri Wi-Fi ndi Bluetooth zili pa khadi limodzi, koma mbali ya Bluetooth imalankhula ndi kompyuta kudzera pa njira ya USB ya m'kati. Khadilo likaima, limafuna kulandidwa moto kwathunthu. Sungani ntchito yanu kaye, tsegulani Command Prompt, mulembe izi:

```
shutdown /s /t 0
```

Laputopu ikazima, zulani tchaja, gwirani batani loyatsira kwa masekondi 30, kenaka yatsani. Kawirikawiri Bluetooth imabwerera pompo.

Ngati vuto linayamba Windows itangodzikonza yokha, bwererani pa dzina la kawailesi kaja, tsegulani tsamba la Driver, mudine Roll Back Driver kuti ibwerere pa pulogalamu yakale. Batanilo likakhala lofooka moti silikudinika, tengani pulogalamu yoyenera kwa kampani imene inapanga laputopu yanu, pogwiritsa ntchito nambala yeniyeni ya mtundu wake yolembedwa kunsi. Chonde pewani mapulogalamu aulere amene amalonjeza kukonza zida zonse kamodzi. Amaika zosayenera, ndipo ena amabwera ndi mavailasi.

Mawu oduladula ndi nkhani ina, osati kuiwala. Bluetooth imayenda pa 2.4 GHz, pomwenso pamadutsa Wi-Fi yambiri, ndipo zida za USB 3.0 zimatha kuisokoneza. Mtunda wake ndi pafupifupi mamita 10 popanda khoma. Zulani disiki imene mwabaya pa USB muone ngati pasintha.

Mukayesa zonsezi Bluetooth n'kusaonekabe, mwina khadilo lafa kapena lakhwepa m'kati, zimene zimachitika pa malaputopu ogula ogwiritsidwa kale ntchito. Musalole kuti wina akufufutireni Windows chifukwa cha zimenezi. Gulani kachipangizo ka Bluetooth kobaya pa USB, ndipo ngati kakale kakuonekabe mu Device Manager, kazimitseni ndi Disable device musanabaye katsopanoko, chifukwa Windows imagwiritsa ntchito kawailesi ka Bluetooth kamodzi kokha pa nthawi imodzi.