Kaundula kapena buku la wodwala: databesi iti ingayenere chipatala chaching'ono?

Wophunzira za kompyuta akapatsidwa ntchito yolemba pepala lofananitsa mitundu iwiri ya databesi, kawirikawiri amayamba ndi kutamanda luso lamakono, kenako n'kundandalika ubwino ndi kuipa kwa mtundu uliwonse. Mawu oyamba otero sathandiza aliyense, chifukwa satchula ntchito imene databesiyo ikagwire. Ngati pepalalo likunena za chipatala chaching'ono, cha dokotala mmodzi, anamwino awiri ndi kalaliki wolembera odwala, malonje ake ayenera kuyambira pa mafunso amene anthu amenewa amafunsa tsiku ndi tsiku. Mafunsowo alipo a mitundu iwiri, ndipo mkangano wonse wagona pamenepo.

Loyamba ndi la dokotala: mwana uyu anabwera liti, tinamupeza ndi chiyani, tinamupatsa mankhwala anji? Lachiwiri limabwera kumapeto kwa mwezi, pamene lipoti likufunika ku ofesi ya zaumoyo ya boma: ana angati osakwana zaka zisanu apezeka ndi malungo, ndipo mapilitsi angati atuluka? Loyamba likufuna zonse za munthu mmodzi. Lachiwiri likufuna kanthu kamodzi kokha, koma kuchokera kwa anthu onse.

Amene anapitapo ku chipatala kuno ku Malawi anaziona kale njira ziwirizi zili papepala. Pali buku la kuchipatala limene wodwala amayenda nalo, momwe dokotala amalembamo zonse motsatana, ulendo ndi ulendo. Palinso kaundula wamkulu amene amatsala pa tebulo la kalaliki, wa mizere yojambulidwa kale, mzere umodzi wodwala mmodzi. Databesi ya madokyumenti imafanana ndi bukulo, pomwe databesi ya matebulo olumikizana imafanana ndi kaundula.

Ya matebulo ndiyo yakale. Maganizo ake anawasindikiza Edgar F. Codd wa ku kampani ya IBM mu 1970, ndipo lero timaipeza m'mapulogalamu monga PostgreSQL, MySQL ndi SQLite, onse ofunsidwa m'chiyankhulo cha SQL. Mfundo yake ndi yakuti chinthu chilichonse chilembedwe kamodzi, pamalo amodzi. Tiyerekeze mwana wa nambala 0417, wobadwa pa 10 Juni 2021, amene wabwera naye mayi ake pa 4 Malichi 2024 thupi litatentha. Dzina lake, mudzi ndi tsiku lobadwa zimalowa m'tebulo la `odwala`. Ulendo wa lerowu umalowa m'tebulo lina la `maulendo`, ndipo m'menemo simulembedwanso dzina, koma nambala 0417 yokha. Mapilitsi asanu ndi limodzi a LA amene walandira amalowa m'tebulo lachitatu. Banja likasamuka mudzi, kalaliki amasintha mzere umodzi basi, maulendo onse akale n'kumalozabe kwa mwana yemweyo.

Lipoti la mwezi likafunika, funso lake ndi lalifupi chonchi mu PostgreSQL:

```sql
SELECT COUNT(DISTINCT m.wodwala)
FROM maulendo m
JOIN odwala o ON o.nambala = m.wodwala
WHERE m.matenda = 'malungo'
  AND m.tsiku BETWEEN '2024-03-01' AND '2024-03-31'
  AND o.tsiku_lobadwa > m.tsiku - INTERVAL '5 years';
```

Mawu akuti `JOIN` ndiwo akulumikiza matebulo awiriwo kudzera pa nambala ya wodwala. Taonaninso kuti sitinasunge zaka za mwana, tinasunga tsiku lobadwa. Zaka zimasintha chaka ndi chaka, ndipo amene wazilemba m'databesi wadzipangira ntchito yokonza mpaka kalekale.

Chimene chimapatsa matebulo mphamvu kwambiri si liwiro, koma kukana. Mukaika lamulo la `FOREIGN KEY`, databesi imakana kulandira ulendo wa wodwala amene kulibe. Kalaliki akaphonya n'kulemba 0471 m'malo mwa 0417, ndipo nambala 0471 sinapatsidwe kwa aliyense, uthenga wokana umatuluka pomwepo wodwala adakali pakhomo. Lamulo lomwelo likhoza kukakamiza kuti dzina la matenda lichokere pa mndandanda umodzi, kuti pasakhale wina wolemba `malungo`, wina `Malungo`, wina `mal`. Komabe kukana kumeneku kuli ndi malire ake: ngati 0471 ndi nambala ya wodwala wina weniweni, databesi ilandira mosanyinyirika, ndipo malungo a mwana uja alembedwa pa munthu wolakwika.

Databesi ya madokyumenti inabwera mochedwerapo. CouchDB inayamba mu 2005, MongoDB inatuluka mu 2009. Mwana yemwe uja amasungidwa pamodzi ndi mbiri yake yonse m'chikalata chimodzi cholembedwa mwa JSON:

```json
{ "_id": "0417",
  "tsiku_lobadwa": "2021-06-10",
  "maulendo": [
    { "tsiku": "2024-03-04", "matenda": "malungo",
      "mankhwala": "LA", "mapilitsi": 6 } ] }
```

Kwa dokotala izi n'zokoma. Akaitana 0417, zonse zabwera nthawi imodzi popanda kulumikiza kalikonse. Ndipo odwala safanana. Mayi wa sikelo ya amayi oyembekezera amafuna malo olembapo miyezi ya mimba ndi kugunda kwa mtima wa mwana, wodwala shuga amafuna ena, wovulala pa njinga enanso. M'chikalata mumangowonjezera chimene chafunika tsiku limenelo, osayamba mwasintha kamangidwe ka databesi yonse.

Ufulu umenewu umadzalipiridwa kumapeto kwa mwezi. Kuti muwerenge ana a malungo, databesi iyenera kutsegula chikalata chilichonse ndi kumasula mndandanda wa maulendo, zomwe mu MongoDB zimachitika ndi `$unwind`. N'zotheka ndithu, ndipo pa chipatala chaching'ono sizichedwa. Vuto lili pena. Ngati pulogalamu ya chaka chatha inkalemba `matenda` ndipo yatsopano ikulemba `nthenda`, databesi siidandaula, imasunga zonse ziwiri. Lipoti limatuluka looneka bwino, koma nambala yake ndi yoperewera. Mumadzazindikira pokhapokha mutayerekeza ndi ku famase: mapilitsi a LA amene atuluka ndi ochuluka kuposa odwala malungo amene awerengedwa. MongoDB ili nayo njira yoikira malamulo, `$jsonSchema`, koma wina ayenera kukumbukira kuilemba, pomwe m'matebulo simungayambe n'komwe kusunga kanthu musanatchule mizati yake.

Nkhani ya ku famase ikutifikitsa pa magetsi. Kupereka mankhwala ndi zochitika ziwiri: kulemba kuti mwana walandira mapilitsi asanu ndi limodzi, ndi kuchotsa mapilitsi omwewo pa chiwerengero cha m'sitolo. Magetsi akazima pakati pa ziwirizi, mabuku sagwirizananso. Databesi za matebulo zimamanga zochitika zotere pamodzi pakati pa `BEGIN` ndi `COMMIT`: zichitike zonse, apo ayi pasachitike chilichonse. Ophunzira ambiri amalemba kuti databesi za madokyumenti sizitha zimenezi, koma mawu amenewo anatha ntchito. MongoDB inayamba kumanga zosintha za zikalata zingapo pamodzi mu 2018, pa mtundu wake wa 4.0. Chimodzimodzinso PostgreSQL inalandira `jsonb` mu 2014, kutanthauza kuti fomu ya sikelo ija ikhoza kusungidwa ngati chikalata mkati mwa tebulo. Mpanda wa pakati pa mitundu iwiriyi unagwa pang'ono ndi pang'ono, ndipo pepala lolembedwa ngati ukadali chiimire lidzaoneka lachikale.

Mfundo ina imene imadzaza masamba pachabe ndi ya kukula. Amati databesi za madokyumenti zimagawika mosavuta pa makompyuta ambiri. N'zoona, koma tawerengani. Chipatala choona odwala 80 patsiku, masiku 300 pachaka, chimalemba maulendo 24,000 pachaka. Pa zaka khumi ndi 240,000. Laputopu wamba imanyamula zimenezi osamva kulemera, kaya ndi matebulo kaya ndi zikalata. Chiganizo chimodzi chotchula chiwerengero chimenechi n'chokwanira kutseka nkhaniyo m'mawu oyamba.

Pali malo amodzi pomwe madokyumenti amapambana mosakayikitsa, ndipo ndi kumudzi kumene netiweki imavuta. CouchDB inapangidwa kuti makope angapo a databesi azigwira ntchito payekhapayekha, n'kudzagwirizanitsidwa akalumikizana. Mlangizi wa zaumoyo akhoza kulemba pa foni tsiku lonse, zolembazo n'kudzalowa pa seva madzulo akafika pogwira netiweki. Anthu awiri akasintha chikalata chimodzi ali kosiyana, CouchDB imasunga zonse ziwiri, imasankha chimodzi choti chizioneka, china n'kuchiika pansi pa `_conflicts`. Siidziwa kuti cholondola n'chiti. Ngati palibe munthu kapena pulogalamu yoyang'ana mikangano imeneyi, mfundo yoti mwana amatupa akamwa mankhwala ena ikhoza kubisika m'kope logonjalo.

Zimene amachita amene ali kale pa ntchitoyi zikuphunzitsa zambiri. OpenMRS, pulogalamu yosungira mbiri za odwala imene inayamba mu 2004 ndipo imagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri a mu Africa, imakhala pa MySQL. Pofuna kuthana ndi kusiyana kwa odwala, imasunga chilichonse choyezedwa ngati mzere wakewake m'tebulo la `obs`: funso, yankho, tsiku. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo ku Malawi umasonkhanitsiramo malipoti, imakhala pa PostgreSQL. Community Health Toolkit, yopangidwira ogwira ntchito zaumoyo m'midzi, imagwiritsa CouchDB, koma ikafika pa malipoti imakopera zolembazo ku PostgreSQL. Ngakhale amene anasankha zikalata amabwerera ku matebulo nthawi yowerengera ikakwana.

Choncho mawu oyamba a pepalalo atchule chipatala chake mooneka: odwala angati patsiku, makompyuta angati, nyumba imodzi kapena pali ena oyenda m'midzi. Atchule mafunso awiri aja, mapulogalamu awiri enieni amene ayesedwe, osati mitundu chabe, ndi muyeso wake, monga zimene zimachitika nambala ikalakwika kapena magetsi akazima pakati pa kulemba. Anenenso poyera kuti odwala a m'chitsanzo ndi ongopeka, pakuti mbiri yeniyeni ya wodwala si yochitira homuweki. Kenako wolemba aime poyera ndi mbali yake. Yanga ndi iyi: chipatala cha nyumba imodzi, chokhala ndi famase komanso lipoti la mwezi ndi mwezi, chitenge PostgreSQL, mafomu osinthasintha chiwaike mu `jsonb`. CouchDB ilowepo pokhapokha ngati pali antchito olemba kutali ndi netiweki, ndipo pakhale munthu wodziwika amene ntchito yake ndi kutsegula `_conflicts` sabata iliyonse.