Odi Wachilungamo: Uthenga Umene Umachititsa Anthu Kuyankha Kafukufuku wa pa Intaneti

Mlendo akafika pakhomo n'kunena kuti "Odi," mwini nyumba asanatsegule amayamba wafunsa kuti, "Ndani?" Akamva dzina lodziwika ndi chimene mlendoyo wadzera, amatsegula chitseko n'kuyala mphasa. Akamva mawu ozungulira, amangosuzumira pawindo n'kubwerera kukakhala. Uthenga wopempha munthu kuti ayankhe mafunso a kafukufuku wa pa intaneti ndi odi wa mtundu womwewo. Ofufuza ambiri amatha milungu akukonza mafunso, koma uthenga woitanira anthu amaulemba mothamanga tsiku lotumiza. Kenako amadabwa kuti mwa anthu mazana amene anawatumizira, ayankha ochepa chabe.

Tiyerekeze kuti bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama lili ndi mamembala 400 amene anatengapo ngongole chaka chatha. Komiti ikufuna kusintha nthawi yobwezera ngongole, choncho mlembi wakonza mafunso 14 pa Google Forms. Uthenga wake woyamba ukuti: "Okondedwa mamembala, dinani apa mwachangu! Mafunso a mphindi 2 zokha ndipo mutha kupata foni yatsopano."

Uthenga umenewu ukufanana kwambiri ndi wa akuba. Aliyense amene ali ndi foni ku Malawi analandirapo uthenga womuuza kuti wapambana mphoto kapena kuti wina wamutumizira ndalama molakwitsa pa Airtel Money kapena Mpamba. Anthu anaphunzira kuti changu, mphoto ndi linki yosadziwika zikabwera pamodzi, n'chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wanzeru akaona uthenga wa mlembi uja amaufufuta, ndipo sanalakwe.

Katswiri wa kafukufuku wa ku America, Don Dillman, anafotokoza m'buku lake la mu 1978 kuti munthu amayankha akaona kuti phindu lilipo, mtolo wake ndi wopepuka, ndiponso wopemphayo ndi wodalirika. Nthawi imeneyo ankanena za makalata a papositi ndi mafoni a m'nyumba, koma mfundoyo ikugwirabe ntchito. Tikaiika m'mawu a tsiku ndi tsiku, wolandira uthenga ali ndi mafunso anayi mumtima: Ndinu yani? Bwanji mwasankha ine? Zinditengera nthawi yaitali bwanji? Nanga mayankho anga apita kuti? Uthenga wabwino umayankha mafunso amenewa ndi mawu amene munthu angathe kuwatsimikizira yekha.

Funso loyamba limayankhidwa ngakhale munthu asanawerenge liwu lililonse, chifukwa amayamba waona nambala kapena adiresi imene uthenga wachokera. Mlembi atumize kuchokera pa nambala imene mamembala amaidziwa kale, adzitchule udindo wake, ndipo apereke njira yoti wokayika afunse, monga nambala ya ofesi imene inalembedwa m'buku la membala. Zimathandizanso kwambiri wapampando akalengeza pa msonkhano kuti sabata yamawa kubwera uthenga wotere. Linki ikafika, imapeza anthu akuiyembekezera.

Funso lachiwiri limafuna chifukwa chenicheni. Mawu akuti "maganizo anu ndi ofunika kwa ife" sauza munthu kanthu, chifukwa aliyense amalemba zomwezo. Koma mukanena kuti komiti ikufuna kusankha pakati pa miyezi 6 ndi miyezi 9 yobwezera ngongole, ndipo mukufunsa amene anatengapo ngongole chifukwa ndiwo akudziwa kulemera kwake, munthu amaona pamene mawu ake akagwire ntchito. Kumutchula dzina, monga "Mayi Banda," kumachititsanso kuti aone kuti pempholo ndi lake. Komabe dzina lili ndi malire. Ngati mafunso akukhudza nkhani zochititsa manyazi, monga kulephera kubweza ngongole, munthu amene mwamutchula dzina amakumbukira kuti mukumudziwa, ndipo akhoza kuyankha zokometsa.

Funso la nthawi ndi limene limagwetsa ofufuza ambiri m'bodza. N'zoona kuti anthu amathawa mafunso aatali. Mu kafukufuku amene Mirta Galesic ndi Michael Bosnjak anasindikiza mu 2009, anthu anauzidwa kuti mafunso atenga mphindi 10, 20 kapena 30, ndipo nthawi yotchulidwayo ikatalika, oyamba kuyankha ankachepa. Apa m'pamene wina amaganiza zongochepetsa nambala pa uthenga. Koma kafukufuku wina wa mu 2001, amene Scott Crawford, Mick Couper ndi Mark Lamias anachita pakati pa ophunzira a pa yunivesite ya Michigan, anasonyeza mapeto a njira imeneyi. Ophunzira ena anauzidwa mphindi 8 mpaka 10, ena mphindi 20, mafunso ali amodzimodzi. Amene anauzidwa nthawi yochepa anayamba ambiri, koma ambirinso anasiyira panjira. Bodza limalowetsa munthu pakhomo, koma silimukhazika pansi.

Njira yoona ndi yosavuta. Mlembi apatse anthu asanu mafunsowo, pakhale wachikulire mmodzi ndi wina wa foni yochedwa, ayankhe iye akuyang'ana wotchi. Ngati atenga mphindi 6, 7, 8, 8 ndi 11, alembe kuti "pafupifupi mphindi 8." Akaona kuti mphindi 8 zachuluka, achotse mafunso ena, asachotse mphindi pa uthenga. Akumbukirenso kuti kwa anthu ambiri mtolo si nthawi yokha, ndi bandulo. Mafunso opanda zithunzi ndi mavidiyo sadya bandulo yambiri, ndipo ndi bwino kuwauza anthu zimenezo.

Funso lachinayi ndi la chinsinsi, ndipo apa pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Kunena kuti "sitidziwa amene wayankha" n'kosiyana ndi kunena kuti "tidziwa, koma sitiulula." Ngati mlembi watsegula Collect email addresses pa Google Forms, kapena wafunsa nambala ya membala, kapena wapatsa munthu aliyense linki yakeyake kuti adziwe oyenera kuwakumbutsa, ndiye kuti akudziwa amene wayankha. Asalembe kuti sadziwa. Anene amene adzaone mayankho ndi chimene komiti idzalandire. Ngakhale popanda dzina, m'gulu laling'ono munthu amadziwika: mayi mmodzi yekha wa zaka zoposa 60 wa nthambi inayake sabisika. Malawi ali ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu, la mu 2024, choncho lonjezo la chinsinsi si ulemu chabe. Komabe musalitalikitse. Ofufuza anaona kuti mafunso akakhala wamba, kulumbira kwambiri za chinsinsi kumachititsa anthu kuganiza kuti pali choopsa. Ziganizo ziwiri zoona n'zokwanira.

Tsono uthenga wa mlembi uja ukhoza kukhala wotere:

"Moni Mayi Banda. Ndine mlembi wa bungwe lathu losunga ndi kubwereketsa ndalama. Komiti ikufuna kusankha ngati ngongole tizibweza pa miyezi 6 kapena 9, ndipo tikufunsa nonse amene munatengapo ngongole chaka chatha. Pali mafunso 14, atenga pafupifupi mphindi 8. Mayankho anu tidzawaona anthu awiri okha, ine ndi msungichuma. Komiti idzangolandira ziwerengero zopanda mayina. Muli ndi ufulu wokana, ndipo kukana sikukhudza ngongole yanu. Sitikufunsa ndalama kapena nambala yachinsinsi ya foni yanu. Titseka Lachisanu likudzali, ndipo zotsatira tidzaziwerenga pa msonkhano wa mwezi wamawa. Ngati mukukayika, imbani nambala ya ofesi imene ili m'buku lanu. Zikomo."

Linki ibwere pansi pake, imodzi yokha. Uthengawu ukukwana bwino pa WhatsApp kapena pa imelo. Pa meseji wamba, pamene uthenga umodzi umatenga zilembo 160, sungani dzina la bungwe, mutu wa nkhani, mphindi ndi linki, zina zonse zikhale pa tsamba loyamba la mafunso.

Nanga mphoto ya foni ija? Kwa zaka zambiri ofufuza apeza kuti kamphatso kakang'ono koperekedwa kwa aliyense pamodzi ndi pempho kamakweza chiwerengero cha oyankha kuposa mphatso yolonjezedwa pambuyo, ndipo mphoto ya maere ndiyo imathandiza pang'ono kwambiri. Chifukwa chake tonse timachidziwa: munthu amene wakukhulupirira poyamba umafuna kumubwezera ulemu. Ngati bungwe lili ndi ndalama, ndi bwino kutumizira aliyense mayunitsi ochepa olipirira bandulo kusiyana ndi kugula foni imodzi. Ngati lasankha maere, linene mphotoyo, tsiku lake ndi mmene wopambana adzadziwikire, ndipo lichitedi.

Ambiri amene sanayankhe sanakane, anangoiwala. Uthenga unawapeza ali mu minibasi kapena foni ilibe moto. Choncho kukumbutsa kumabweretsa mayankho ambiri. Kumbutsani patapita masiku atatu kapena anayi, kenako kamodzinso tsiku lotseka litayandikira. Sinthani mawu, thokozani amene ayankha kale, ndipo amene wanena kuti sakufuna musamutumizirenso. Musalembe kuti "mwatsala ndinu nokha" kapena "uwu ndi mwayi womaliza" ngati si zoona, ndipo tsiku lotseka likafika, tsekanidi.

Mudziwa bwanji kuti uthenga wagwira ntchito? Werengani amene amaliza, osati amene adina linki. Tinene kuti mwa mauthenga 400, okwana 20 sanafike chifukwa nambala zinasintha, ndiye afika ndi 380. Ngati oyamba kuyankha ali 152 koma omaliza ali 114, ndiye kuti oyankha ndi anthu 30 pa 100 alionse amene analandira. Anthu 38 amene asiyira panjira, mmodzi mwa anayi alionse oyamba, ndi chizindikiro chakuti zimene anapeza m'kati sizikugwirizana ndi zimene uthenga unalonjeza. Kuti muone oyamba ndi osiya, pamafunika pulogalamu imene imasunga mayankho osamaliza, chifukwa Google Forms imakuonetsani okhawo amene atumiza. Otsegula akachepa, vuto lili pa uthenga kapena pa wotumiza. Osiya akachuluka, vuto lili pa lonjezo kapena pa mafunso.

Yang'ananinso kuti ayankhawo ndi ndani. Ngati theka la mamembala ndi amayi a kumudzi koma mwa anthu 114 aja ambiri ndi abambo a m'tauni, chiwerengero chokongolacho chikubisa mawu a amene ngongole imawalemera kwambiri. Amenewo muwaimbire foni kapena muwapatse mafunso a papepala.

Chiganizo chofunika kwambiri mu uthenga wonse uja ndi chakuti zotsatira zidzawerengedwa pa msonkhano. Mlembi akaimiriradi tsiku limenelo n'kunena zimene anthu anayankha ndi zimene komiti yasankha, ndiye kuti walemba kale theka la uthenga wa kafukufuku wotsatira. Inu amene mukukonza kafukufuku, musanatumize uthenga wanu uwerengeni chiganizo ndi chiganizo, ndipo pa chilichonse dzifunseni ngati mungachibwereze pamaso pa munthuyo atamaliza kuyankha. Chimene simungachibwereze, chichotseni.