Zimene Weyitala Watsopano Amaphunzira Kunena pa Tebulo

M'malo ambiri odyera, wachinyamata akalembedwa ntchito yoperekera zakudya amangopatsidwa yunifolomu, kabuku ndi cholembera, n'kuuzidwa kuti aziona mmene anzake akuchitira. Malo osamala alendo amamulembera papepala mawu oti azinena, ndipo amayeserera ndi mnzake, wina atakhala pampando ngati kasitomala, asanamulole kufika pa tebulo la mlendo weniweni.

Moni wake ndi waufupi. Mlendo akalowa, weyitala amamuyang'ana ngakhale atanyamula mbale za tebulo lina, n'kunena kuti, "Takulandirani bambo, ndikupezani pompano." Munthu amene wapatsidwa moni amadikira mosadandaula. Funso loti "Mukufuna chiyani?" papepalapo palibe, chifukwa limamveka ngati mlendoyo wabwera kudzasokoneza. Pali lakuti, "Mwaswera bwanji mayi? Ndikupatseni chakumwa chanji pamene mukuona menyu?" Zoitana kasitomala kuti "ankolo" kapena "asisi" zimatsalira panja.

Ntchito yeniyeni ili pa kulemba oda. Tinene kuti pa tebulo 6 pakhala banja la anthu anayi. Weyitala amayamba walemba nambala ya tebulo, kenako amapatsa mpando uliwonse nambala yake, kuyambira woyandikira khomo n'kumazungulira mbali imodzimodzi nthawi zonse. Bambo wa pampando 1 akuti, "Chambo ndi nsima." Wosaphunzira amalemba zomwezo n'kuthamangira kukhitchini, pomwe oda isanathe. Chambocho chikhale chokazinga, chowotcha kapena chamsuzi? Chachikulu kapena chaching'ono, popeza mtengo umasiyana? Ngati chowotcha chimatenga nthawi, awauziretu asanavomere. Mayi wa pampando 2 akufuna nkhuku, ndiye afunsidwe ngati ndi yachikuda kapena yachizungu, ndiponso ngati ipite ndi mpunga kapena tchipisi.

Tsono mayi uja akutchula kuti mwana wa pampando 3 amatupa akadya mtedza. Apa palibe kuganizira. Masamba otendera amakhala ndi nsinjiro, ndipo supuni imene yavundula mphika umenewo ikhoza kulowanso mu mphika wina. Weyitala amalemba chenjezolo m'zilembo zikuluzikulu pambali pa nambala 3, n'kukauzanso wophika pakamwa. Chimodzimodzi wina akafunsa ngati nyamayo ndi ya halali: wosadziwa anene kuti, "Ndikafunse kaye kukhitchini," osati kungovomera kuti kasitomala asachoke.

Asanachoke pa tebulo amawerenga zonse mokweza: "Bambo, chambo chachikulu chowotcha ndi nsima. Mayi, nkhuku yachikuda ndi mpunga. Mwana, tchipisi ndi mazira, popanda chilichonse cha mtedza. Achimwene, nyama ya mbuzi ndi nsima. Ndalemba bwino?" Atsopano ambiri amadumpha gawo limeneli poopa kuoneka ogona, koma ine ndimaliona kuti ndi lofunika kuposa ena onse. Cholakwa chikagwidwa apa chimakonzedwa ndi cholembera. Chikagwidwa mbale itafika, nsomba yatayika ndipo munthu mmodzi akhala akuyang'ana anzake akudya. Weyitala amene sanalembe bwino sabisika. Amafika ndi mbale n'kuyamba kufunsa kuti, "Nkhuku ndi ya ndani?"

Kutchula zowonjezera n'kumene eni malo amakukonda, poti kumakweza bilu, ndipo n'kumenenso ulemu umatayika msanga. Funso lakuti "Muwonjezera china?" nthawi zambiri limayankhidwa kuti ayi, chifukwa silipatsa munthu choti aganizire. Weyitala amaphunzitsidwa kutchula chinthu chimodzi, chogwirizana ndi chimene chaitanitsidwa kale: "Bambo, chambo chowotchacho chimakoma ndi saladi wa tomato ndi anyezi. Ndi wolipira padera, ndikubweretsereni?" Mawu oti "wolipira padera" asasiyidwe. Kwathu kuno munthu akamapatsidwa ndiwo zina patebulo amatha kuyesa kuti ndi za m'mbale momwemo, ndipo akadzaziona pa bilu amamva kuti waberedwa, ngakhale ndalamayo ikhale yochepa.

Palinso nkhani ya manyazi. Bambo amene watenga apongozi ake kukadya sangakane pamaso pawo, ngakhale m'thumba mutatsala ya minibasi yokha. Weyitala wofunsa mlendo aliyense payekha ngati amwenso china amakhala akukakamiza wolipirayo. Choncho amafunsa kamodzi, motsitsa mawu, kwa amene akuoneka kuti ndiye mwini tebulo. Mowa sautchula kwa anthu amene aitanitsa zoziziritsa kukhosi zokha. Akayankhidwa kuti ayi, amati "Chabwino bambo, zikomo," nkhope osasintha, n'kukapereka oda kukhitchini, kenako n'kubwera ndi beseni ndi madzi ofunda kuti odya nsima asambe m'manja.