Linga la ku Sofala linayamba, ansembe anabwera pambuyo

Pa mtsutso wa kusukulu, mutu woti chinatumiza Azungu oyamba kunyanja zakutali ndi malonda kapena chipembedzo umagwetsa ophunzira ambiri, chifukwa amafuna kutchula aliyense, kuyambira Columbus mpaka Livingstone, m'mphindi zitatu. Amene ali mbali ya malonda angachite bwino kugwira Apwitikizi okha, n'kufunsa kuti anayamba kumanga chiyani ndipo anamanga kuti. Angayankhule motere.

"Wapampando, oweruza ndi ophunzira anzanga, Vasco da Gama ananyamuka ku Lisbon mu 1497, nadutsa pachilumba cha Mozambique ndi ku Malindi, n'kufika ku Calicut, ku India, mu 1498. Ku Calicut kunali msika waukulu wa tsabola. Tsabolayo asanafike ku Ulaya ankadutsa m'manja mwa amalonda achiluya, kenako a ku Venice, ndipo aliyense ankaikapo phindu lake. Mfumu ya Portugal inkafuna njira yapanyanja yoti izikagula yokha kugwero.

"Anzanga a mbali inayo anena kuti Apwitikizi ankafunafuna Prester John, mfumu yachikhristu imene ankamva kuti ili ku Ethiopia. Sindikukana. Anthu a da Gama atafunsidwa ku Calicut chimene adzera, anatchula ziwiri, Akhristu ndi zonunkhiritsa chakudya. Koma tiyeni tione kumene ndalama za mfumu zinapita. Mu 1482 anamanga linga la Elmina, m'dziko limene lero ndi Ghana, pamalo ogulira golide. Mu 1505 anamanga linga lina ku Sofala, doko limene golide wa kumtunda ankatulukira, ndipo chaka chomwecho analanda Kilwa. Gulu la akazembe a mfumu linakafika ku Ethiopia mu 1520, misika yonseyi itagwidwa kale.

"Nanga kwathu kuno? Amalonda achipwitikizi anali atakhazikika kale ku Sena ndi ku Tete, m'mbali mwa Zambezi, akugula golide ndi minyanga ya njovu, pamene wansembe Gonçalo da Silveira ankapita kwa Mwene Mutapa. Iye anaphedwa kumeneko mu 1561, patatha zaka zoposa 50 chimangire linga la Sofala. Ndipo Gaspar Bocarro, amene anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1616 kuchoka ku Tete kupita ku Kilwa, ulendo wake unali wa nkhani ya siliva."

Pamene mawuwa angaterere ndi pa imfa ya Silveira. Wotsutsa wochenjera adzati asilikali a Francisco Barreto anatumizidwa kudzabwezera magazi a wansembeyo. Pamenepo musakane, chifukwa imfayo inatchulidwadi ngati chifukwa chimodzi. Ingokumbutsani oweruza kuti Barreto ananyamuka ku Lisbon mu 1569, patapita zaka zisanu ndi zitatu, atalamulidwa kukalanda migodi ya golide.